Kuika kala pa chithunzi cha agogo aamuna cha 1954, mmene ikuyendera

Loweruka

Chithunzi chafika mmanja mwanga lero, azakhali achita kundipatsira chili mkati mwa envulopu ziwiri, akuti ndisachipinde ndipo chibwelere mmene chilili. Ndi kakang'ono, 9 cm mlitali 6 cm mlifupi, kumbuyo kuli 1954 yolembedwa ndi pensulo. Agogo akhala pampando panja, avala jekete, shati yoyera ndi tayi, dzanja limodzi lili pabondo chikhatho chikuonekera pang'ono, kumbuyo kwawo kuli khoma ndi kachigawo ka thambo koyera mbee. Ine agogo ndinawapeza ali ndi imvi kale, apa ndi mnyamata, nde chomwe ndikufuna ndi chakuti azakhali akachiona anene kuti eya ndi bambo anga awa, osati munthu wopakidwa penti.

Lero sindinakhudze kala ngakhale pang'ono, kunali kusikana basi. Galasi la sikana ndapukuta, chithunzi ndangochiuzira fumbi ndi kabulashi kofewa, madzi ayi. Ndasikana pa 1200 dpi ndipo zatuluka mapikiselo pafupifupi 4250 kwa 2835, kutanthauza kuti ndikadzapirinta pa 300 chikhoza kukula mpaka 36 cm kwa 24 cm osaphwanyika. Zonse zimene sikana imafuna kukonza yokha ndazimitsa, zowonjezera kuthwa, zochotsa fumbi, zonse, chifukwa zimadya timizere ta pankhope. Ndipo ngakhale chithunzi ndi chakuda ndi choyera ndasikana ngati cha kala, 16 bit, fayilo ya TIFF, chifukwa chake ndifotokoza mawa ndikayamba kuchapa madontho. Fayilo yoyambayi ndaisunga pawiri ndipo sindidzaigwiranso, ntchito yonse izichitikira pa kope.

Lamulungu

Pepala linasanduka lachikasu ndipo pa phewa la jekete pali dontho lalikulu la bulauni ngati panagwera madzi kalekale. Apa ndi pamene kusikana mwa kala kwandipulumutsa. Fayilo ya kala imakhala ndi zithunzi zitatu zosanjikizana, chofiira, chagirini ndi chabuluu, ndiye dontho lachikasu limameza kuwala kwa buluu, nchifukwa chake mu chabuluucho limaoneka lakuda bii koma mu chofiiracho limangotsala pang'ono kuzimiririka. Ndikugwiritsa pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP 2.10, ndapita pa Colors > Components > Extract Component ndikusankha RGB Red, dontho lija latsala kamthunzi chabe komwe ndamaliza ndi Heal mu mphindi zochepa. Ndikanasikana mwa gireyi donthoro likanasakanikirana ndi nsalu ndipo ndikanatha tsiku lonse ndikujambula ulusi wa jekete ndi manja.

Ming'alu iwiri, wina wadutsa pakhoma wina wadutsa pa khutu lakumanja. Wapakhoma sunavute. Wapakhutu ndaupita pang'onopang'ono ndi Clone, bulashi ya mapikiselo 12, ndikutenga pafupi pomwepo kuti timchenga ta filimu tifanane. Timchengato sindikufuna kutichotsa, nkhope ikasalala kwambiri imayamba kuoneka ngati ya pulasitiki kala isanafike nkomwe.

Kenako Levels, chifukwa chithunzi chinazilala, chakuda kwambiri chimathera cha pa 38 ndipo choyera kwambiri cha pa 215 pa sikelo ya 0 mpaka 255. Ndakoka koma osafikitsa kumapeto, ndasiya chakuda cha pa 10 choyera cha pa 245. Dala. Kala siigwira pa chakuda chenicheni kapena choyera chenicheni, ukafikitsa kumapeto malo amenewo amakhala akufa ngakhale upake bwanji.

Lachiwiri

Ndalephera lero, ndipo ndilembe momwe ndalepherera kuti ndisadzabwereze. Ndinapanga leya yatsopano pamwamba, ndikuiika pa LCh Color, imene imasintha mtundu wokha nkusiya kuwala ndi mdima wa chithunzi chapansi mmene zilili, ndikutenga bulauni mmodzi ndikupaka nkhope yonse, khosi ndi manja. Zimene zinatuluka zandipweteka mtima. Pachipumi ndi pamphuno pomwe pakuwala panasanduka olenji, mmasaya munali ngati dothi louma, ndipo pansi pa chibwano kala siinagwire nkomwe pangokhala bii. Ndinayesa kutsitsa Opacity kufika 50 ndiye agogo anangotuwa mbuu ngati munthu wodwala. Kukweza, olenji, kutsitsa, kutuwa, pakati palibe.

Ndakhala ndikuyang'ana dzanja langa pafupi ndi windo kwa nthawi ndithu. Khungu si mtundu umodzi ayi. Pamfundo za zala ndi pakuda kuposa pena, mmbali mwa chikhatho mukupita kofiirira, ndipo pomwe kuwala kwa pawindo kukugunda sipali bulauni konse, pakuoneka motuwira kupita ku buluu, chifukwa pamenepo ndikuona kuwala kwa kunja kukunyezimira pamwamba pa khungu osati khungulo. Khungu lakuda limaonetsa zimenezi kwambiri kuposa loyera, poti pansi pake ndi pakuda ndiye kunyezimirako kumaonekera poyera. Ine ndinakapaka bulauni wamphamvu pomwe pamayenera kukhala kala yochepa kwambiri, olenji uja anachokera pamenepo.

Leya ndaifufuta.

Lachinayi

Ndinaimbira azakhali kuwafunsa za zovala, ndipo zimene anena zasintha ntchito yonse mpaka khungu lomwe. Jekete akuikumbuka bwino chifukwa inakhala mnyumba zaka zambiri, akuti inali ya buluu wokhwima, osati wakuda kwambiri koma wokhwima ndithu, ndipo tayi anali wofiira. Ndinawafunsa kawiri, "Azakhali mukunena jekete yomwe ili pachithunziyi?" akuti yomweyo mwanawe, analibe ina. Koma pa sikirini jekete ikuwerenga cha pa 150, gireyi wowala ndithu, pomwe buluu wokhwima ndimayembekezera cha mma 80 kapena 90, ndipo tayi akuwerenga 25, pafupifupi wakuda. Poyamba ndinaganiza kuti azakhali asokoneza.

Sanasokoneze. Nkhani ndi filimu. Mafilimu akale ambiri sankaona kufiira, amaona buluu ndi girini basi, ndiye chinthu chofiira chimatuluka chakuda pachithunzi ndipo chabuluu chimatuluka chowala kuposa mmene maso amachionera. Filimu yoona mitundu yonse inayamba kugulitsidwa cha mu 1906 koma ya mtundu wakalewu inapitilirabe mmakamera wamba kwa zaka zambiri, mwachitsanzo Verichrome ya Kodak inali yosaona kufiira mpaka pamene Verichrome Pan inabwera mu 1956. Chithunzi chathu ndi cha 1954. Ndipo zizindikiro zikugwirizana zonse, tayi wofiira wada, jekete ya buluu yawala, thambo layera mbee opanda mtambo ngakhale umodzi, milomo ya agogo yada kuposa masaya mopitilira muyeso.

Tsopano khungu la bulauni lili ndi kufiira kwambiri mkati mwake kuposa girini ndi buluu, ndiye filimu yotereyi imalidetsa. Kutanthauza kuti agogo pachithunzipa ndi akuda kuposa mmene analili, ndipo azakhali atsimikiza, akuti khungu lawo linali ngati la achimwene anga aakulu. Apa ndamvetsa chifukwa chake Lachiwiri pansi pa chibwano kala imakana, gireyi wapansiyo ndi amene anali wolakwika, ndipo LCh Color siingakonze zimenezo poti siikhudza kuwala. Ndiyenera kukonza gireyi kaye chigawo chilichonse pachokha, kala pambuyo.

Lachisanu usiku

Mamasiki, otchinga kuti kusintha kugwire chigawo chimodzi chokha. Ntchito yotopetsa koma palibe kuithawa. Ndadula khungu, jekete, shati, tayi, tsitsi, mpando, khoma, thambo, chilichonse leya yake ndi masiki yake, ndi Paths mmalo owongoka ngati kolala ndi bulashi mmalo ofewa ngati mmphepete mwa tsitsi. Masiki iliyonse ndaipatsa Gaussian Blur ya mapikiselo 3 chifukwa chithunzicho pachokha si chakuthwa, mzere wa kala ukathwa kuposa chithunzi umaoneka ngati chodula ndi sizasi nkumata.

Kenako Curves pa chigawo chilichonse. Khungu ndakweza pakati, tsaya lomwe limawerenga 52 lafika cha pa 68, malo owala sindinawasunthe. Ndinayesa kufika 85 koma timchenga ta mumthunzi tinayamba kutuluka ngati zipere ndipo nkhope inasiya kukhala yawo, ndabwerera. Tayi kuchoka 25 kufika 55. Jekete ndatsitsa kuchoka 150 kufika cha pa 100, ndipo itangotsika shati inayamba kuoneka yoyera bwino yokha osaikhudza.

Loweruka

Tsiku la khungu. Ndapempha achimwene chithunzi cha pafoni ali panja pamthunzi, chifukwa pachithunzi cha agogo mithunzi ndi yofewa, palibe mzere wakuthwa pansi pa mphuno, kuwala kukuchokera kumwamba chakumanzere, zikusonyeza kuti sanali padzuwa. Ndatenga mitundu ndi Color Picker nditayatsa Sample average kuti isatole kadontho kamodzi, malo atatu, mumthunzi wa pansi pa nsagwada, pakati pa tsaya, ndi pomwe tsaya likuyamba kuwala. Nditasintha pang'ono ndatsala ndi iyi:

```
#2e1c17
#5a3a2a
#a98468
```

Woyamba wa mumthunzi, wachiwiri wapakati, wachitatu wa powala. Mu yonse itatu kufiira kuli pamwamba, girini pakati, buluu pansi, ndondomeko imeneyi ikasokonekera khungu limapita ku girini kapena pepo. Koma chimene chandithandiza kwambiri ndi kuona kuti siyofanana mbali yomwe yapendekera. Wa mumthunzi Hue wake ali cha pa 13, wapendekera kofiira, wapakati 20, wa powala 26, wapendekera ku chikasu ndipo mphamvu ya kala yatsika. Bulauni mmodzi uja sakanatha kuchita zimenezi.

Ndapanga giradiyenti ya mitundu itatuyi, kumapeto kowala ndawonjezera wachinayi wotuwa pafupifupi wopanda kala, ndakopa leya ya gireyi, ndikuchita Colors > Map > Gradient Map, ndiye paliponse pakuda patenga woyamba, papakati wachiwiri, choncho mpaka kumapeto. Leyayo ndaiika pa LCh Color ndi masiki ya khungu, Opacity 85. Pomwepo nkhope yadzuka. Sinafike koma yasiya kuoneka ngati dothi.

Zotsalazo ndi zamanja, ndipo ndi zomwe zandidyera maola ambiri. Leya ina ya Soft light, bulashi yofewa, Opacity ya bulashi 8, kufiira kokhwima, ndikudontheza pang'onopang'ono pamakutu, nsonga ya mphuno, pamwamba pa masaya, pamfundo za zala ndi mmbali mwa chikhatho. Malo amenewa magazi ali pafupi ndipo kuwala kumalowa mkhungu nkutulukanso kutafiira, pa khutu ndiye zimaonekeratu. Pa khungu lakuda zimenezi ndi zochepa zedi, ukaziona msanga ndiye kuti wapyola. Njira yanga ndi kuzimitsa leya ndikuyatsanso, ikazima nkhope izioneka kuti yasowa kanthu koma ikayaka usathe kuloza kuti apa papakidwa. Chikhatho ndachipatsa kala yakeyake yowalirapo yopita ku pinki. Kuzungulira ndevu zometa ndi pansi pa maso ndachepetsa kala pang'ono kuti pazizire.

Kenako kunyezimira kwa pachipumi, pamphuno ndi pa tsaya lakumanzere. Leya ina, buluu wotuwa wa thambo, masiki yake ndapanga kuchokera ku gireyi yemweyo ndi Grayscale copy of layer ndikuifinya ndi Levels mpaka patsale malo owala okhaokha, Opacity 20. Olenji uja wathera pomwepa. Ndinakhala kaye chete ndikuyang'ana, chifukwa kwa nthawi yoyamba pamaoneka ngati pali thukuta pang'ono pachipumi pawo, ngati munthu amene wayenda wapansi kubwera kudzajambulitsa atavala jekete.

Lamulungu

Maso ndi milomo, tinthu tating'ono koma tikhoza kuononga zonse. Choyera cha mmaso sindinachiyeretse, ndangoika kachikasu kotuwa pang'ono ndi kakufiira kumakona, diso loyera mbee pa chithunzi chakale limaoneka loopsa. Mboni bulauni wakuda kwambiri, kadontho ka kuwala kali mmenemo ndakasiya osakapaka. Milomo ndaikweza kaye ndi Curves poti filimu inaidetsa, wam'mwamba bulauni wokhwima, wam'munsi wofiirirako pang'ono chapakati pokha. Ulendo woyamba ndinapaka mlomo wonse mofanana ndipo zimaoneka ngati apaka lipisitiki, ndachotsa theka. Tsitsi silinafune zambiri, kabulauni kochepa kwambiri kuti lisaoneke ngati bowo la gireyi pakati pa zinthu za kala.

Lachitatu

Zovala. Ndimaganiza kuti zikhala zophweka, jekete yandionetsa ayi. Buluu woyamba amene ndinasankha anali wowala ngati wa pa sikirini ya foni, nsalu yaubweya siikhala choncho, imamwa kuwala ndipo kala yake ndi yofatsa. Ndatsitsa mphamvu mpaka ndafika apa:

```
#3f5273
```

ndi Opacity 70, ndiye yayamba kuoneka ngati nsalu. Yafunanso zomwe khungu linafuna, mmakwinya a pachigongono buluu wokhwimirapo wopita ku pepo pang'ono, pamapewa pomwe pakuyang'ana kumwamba wotuwirapo. Mabatani ndawapatula, ndinawaiwala poyamba ndipo anasanduka a buluu limodzi ndi jekete.

Tayi uja pa 55 wagwira kufiira kokhwima bwinobwino. Sindinafune kumufiiritsa psuu ngakhale azakhali anati wofiira, chifukwa ali mumthunzi wa chibwano ndi jekete, ndipo akawala kwambiri diso limathamangira pa tayi kusiya nkhope.

Shati yoyera ndi imene yandiphunzitsa zambiri lero. Ndinaisiya osaipaka poganiza kuti yoyera ndi yoyera basi, koma pakati pa khungu la kala ndi jekete ya kala imaoneka ngati chidutswa cha chithunzi china. Nsalu yoyera imatola kala ya zinthu zoyandikana nazo. Ndiye kolala pansi pa chibwano ndaipatsa kabulauni kochokera ku khosi, mmakwinya oyang'ana kumwamba kabuluu ka thambo, mmphepete mwa tayi kakufiira kochepetsetsa, zonse Opacity yosapyola 12. Chimodzimodzi kubwerera kwinako, pansi pa nsagwada ya agogo ndawalitsa pang'ono ndi kuwala kochokera ku shati, ndi pa dzanja lomwe lagona pa thalauzi ndaikapo kamdima ka nsaluyo. Zikatere munthu ndi zovala zake amakhala malo amodzi.

Khoma, mpando ndi thambo ndazipita mwachangu, kala yofooka dala. Thambo poti ndi loyera ndalitsitsa kufika 225 kuti ligwire kabuluu. Izi zitatu palibe amene akukumbuka mtundu wake ndiye ndazilemba mu kafayilo kapadera pamodzi ndi zonse, jekete ndi tayi mwa mawu a azakhali, khungu poyerekeza ndi achimwene, khoma mpando ndi thambo zosankha ine. Ana athu akadzachiona adzadziwe kuti ziti ndi zokumbukira ziti ndi zongoganiza.

Lachisanu

Kufufuza zolakwika. Maso anga azolowera chithunzichi moti sakuonanso kanthu, ndiye ndachita zinthu zowadzidzimutsa. Layer > New from Visible kenako Hue-Saturation kukweza Saturation mpaka 100, zonse zobisika zimatulukira, ndapeza buluu wa jekete atatayikira pakhosi kumanja, kampata ka gireyi kosapakidwa pakati pa zala ziwiri, ndi kamzere ka bulauni kozungulira khutu pakhoma. Ndakonza mmamasiki. Kenako kutembenuza ndi View > Flip & Rotate > Flip Horizontally, pomwepo ndaona kuti tsaya limodzi ndinalifiiritsa kuposa linzake. Kenako kuchichepetsa mpaka chikhale ngati sitampu, pa kukula kumeneko manja amaoneka achikasu kuposa nkhope ngati ndi a munthu wina, ndawabweza pang'ono kofiira.

Chomaliza, kala yopaka ndi yosalala kwambiri pamwamba pa timchenga ta filimu, ndiye pa kope yophatikiza ndaika Filters > Noise > HSV Noise yochepa zedi, yongokwana kuti mapikiselo oyandikana asakhale mtundu umodzi ndendende. Pa 100% siioneka bwino koma kusalala kwa penti kuja kwachoka.

Lamulungu

Ndatumiza JPEG kwa azakhali pafoni. Anakhala nthawi osayankha kenako anaimba, mawu akunjenjemera. Akuti nkhope ndi yomweyo, pachipumi ndi pomwepo. Koma akuti jekete ndaiziziritsa kwambiri, inali ndi kakubiriwira pang'ono, ndipo akuti milomo ya bambo awo siinali yofiira choncho. Milomo ndatsitsa Opacity ya leya yake kuchoka 40 kufika 25. Jekete ndasuntha Hue kuchoka cha pa 218 kupita cha pa 205, ndawatumizira mitundu itatu yoyandikana kuti aloze okha, aloza wapakati.

Ndapirintanso kakang'ono koyesera ndipo pepala ladetsa zonse monga limachitira, sikirini imawala yokha pomwe pepala limadalira kuwala kwa mchipinda. Mthunzi wa pansi pa chibwano wabwerera ku bii ndipo tayi watsala pang'ono kuda ngati poyamba. Ndiye ndapanga kope yapadera ya kupirinta, mu sRGB, mithunzi ndaikweza ndi Curves kuti pakuda kwambiri pankhope pasatsike pansi pa 30, fayilo ya GIMP ya maleya onse, XCF, ili payokha osaiphatikiza. Mawa ndipirinta kachidutswa ka nkhope ndi kolala kokha pa kukula kwenikweni, ndikakaone panja pamthunzi ndisanapange chachikulu, ndipo envulopu ya azakhali ndiibweza Lachiwiri.